Chithunzi cha puloti sichionetsa madzi, mawu a pansi pake ndiwo anene

Malume anga ataganiza zogulitsa kachigawo ka malo awo kufupi ndi Ngabu, anandiitana ine wa foni ya kamera. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa lija la kuno loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Ndinaima pakona, ndinajambula: nthaka yakuda yosalala, mtengo wa masau pakati, mlambe chapatali. Pansi pa chithunzicho ndinalemba zimene aliyense amalemba: "Puloti yogulitsa ku Ngabu. Hafu ekala. Pafupi ndi msewu, madzi alipo. Mtengo wokambirana. Imbani."

Foni inalira sabata yathunthu, koma onse oimba amafunsa zinthu zomwezomwezo zimene mawu anga sananene. Bambo wina anachita kukwera minibasi ku Blantyre, kutsika mapiri a Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa Nchalo, mpaka kufika. Atapeza kuti msewu umene ndimanena ndi wafumbi wa ngolo, osati wa tala, komanso atayenda m'malire mwa puloti ija n'kuwerenga mapazi ake, anangoti, "Achimwene, mwandidyera thiransipoti." Sindinathe kuwayankha, chifukwa palibe liwu limodzi mwa amene ndinalemba limene linali bodza lochita kufuna, komanso palibe limodzi limene linali loona mokwanira.

Mawu a pansi pa chithunzi cha malo ali ndi ntchito imodzi, yonena zimene kamera singathe kuonetsa. Kamera sidziwa kutalika kwa malire, sidziwa mwini malo, ndipo kuno ku chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pali china chachikulu chimene sidziwa: pamene madzi anafika chaka chimene anakwiya.

Tiyambe ndi kukula kwa malo, poti apa ndi pamene malume ndi ine tinagwa poyamba. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndiye kuti malo a mbali zinayi zofanana a mamita pafupifupi 64 mbali iliyonse. Kumudzi timati ekala ndi mapazi 70 uku ndi 70 uku, ndipo sizili patali ndi zoona ngati woyendayo akuponya mwendo bwino. Vuto limabwera pogawa. Malume anaganiza motere: ngati ekala ndi 70 kwa 70, hafu ekala ndi 35 kwa 35. Zikumveka zanzeru, koma taŵerengani. 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900. 35 kuchulukitsa ndi 35 ndi 1,225. Mukadula mbali zonse ziwiri pakati, chotsala si theka ayi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Hafu ekala yeniyeni ndi 70 kwa 35. Anthu ambiri ogulitsa malo sabera dala pamenepa, masamu ake ndiwo amapusitsa, koma wogula akazindikira sakufunsani ngati munachita dala.

Kuwonjezera apo, phazi si mita. Malume ndi munthu wachikulire, ndipo sitepe yawo sikwana mita imodzi. Tinabwereka tepi ya mamita 50 kwa mmisiri womanga nyumba, tinakhoma zikhomo m'makona anayi, tinayeza mbali iliyonse payokha. Kutsogolo, kumene kuli msewu wa ngolo, kunatuluka mamita 32. Kumbuyo 28. M'mbali 30 ndi 30. Malo otere, amene mbali zake zoyang'anana sizisiyana kwambiri, mumaphatikiza ziwiri zoyang'ananazo n'kugawa pawiri: 32 ndi 28 zimapereka 30, ndipo 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi masikweya mita pafupifupi 900. Hafu ekala ndi 2,023. Puloti imene tinailengeza ngati hafu ekala sinali kukwana ngakhale kota. Njira yowerengera imeneyi ndi yongoyerekeza, ndipo malo akakhala opindika ngati khasu kapena a makona asanu imasocheretsa, pamenepo pamafunika saveya. Koma pa mawu a chithunzi, chofunika ndi kulemba mamita a mbali zonse zinayi monga tepi yanenera, n'kusiya liwu loti "aakulu bwino". Wogula amene akufuna kumanga nyumba ya zipinda zitatu ndi khola la mbuzi adziwerengera yekha ngati zikwana.

Amene malo awo ali m'mphepete mwa msewu wa M1, ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, ali ndi china chowonjezera. Pa msewu waukulu wotere, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu, saloledwa kumangapo. Munthu akayeza puloti yake kuyambira pamene tala yathera n'kupeza mamita 40 kulowa mkati, oposa 25 mwa mamita amenewo si ake ogulitsa. Zotsala n'zongokwana kagolosale kopyapyala. Choncho mawu onena kuti "pamsewu penipeni" ayenera kunenanso kuti muyeso wayambira pati.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kwa ine ndiyo mtima wa zonse. Malo ambiri amajambulidwa m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, chifukwa ndi nthawi imene udzu wapsa, malire akuoneka, ndiponso anthu akufuna ndalama za fizi ndi zolimira. M'miyezi imeneyi chigwa chonse chimaoneka chimodzimodzi: chouma, chosalala, chokongola kumangapo. Malo amene mu Febuluwale mumayenda bwato ndi malo amene sanalowepo madzi chiyambire amatuluka ofanana pa chithunzi. Kusalala kumene kumakopa wa ku Blantyre, yemwe watopa ndi mapuloti a m'mapiri ofuna kugumula miyala, ndi komweko kumene kumachititsa kuti madzi akabwera asowe kopita.

Alendo ambiri amaganiza kuti choopsa ndi mtsinje wa Shire wokha, ndiye akamva kuti puloti ili makilomita angapo kuchokera ku Shire mtima umakhala pansi. Ife akuno timadziwa kuti madzi amabweranso kuchokera kumapiri. Mitsinje ngati Mwanza ndi Thangadzi, ndi makhwawa ang'onoang'ono opanda dzina pa mapu, imakhala mchenga wokhawokha m'chilimwe, ana kuseweramo mpira. Mvula ikagwa kumtunda, ngakhale kuno kusanadonthe, imadzaza usiku umodzi, ndipo popeza mchenga unakwirira njira yake, imatayikira m'midzi. Ruo, wochokera ku Mulanje, akakumana ndi Shire cha ku Chiromo atadzaza, madzi amabwerera m'mbuyo. Mu Januwale 2015 dera la Makhanga, ku Nsanje, linasanduka chilumba. Mu Malichi 2019 kunabwera madzi a nthawi ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la ku Kapichira n'kudula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Zaka zinayi zimenezi aliyense wa kuno amazikumbukira, ndipo amadziwa pamene madzi analekezera pakhomo pake chaka chilichonse.

Ndiye mawu akuti "malo osasefukira" kapena "ndi kumtunda" alibe phindu, chifukwa aliyense amalemba choncho, ngakhale wa m'mphepete mwa dambo la Ndindi. Mawu a phindu ndi otchula chaka ndi msinkhu. "Mu 2015 ndi 2019 madzi sanafike. Mu 2022 anafika m'kakolo pakona ya kumbuyo, anaphwa patatha masiku awiri. Mu 2023 chimodzimodzi." Chiganizo chotere wogula akhoza kuchitenga n'kukafunsa nacho mayi wa nyumba yoyandikana, ndipo akapeza kuti chikugwirizana ndi zimene akumva, zina zonse zimene mwalemba azikhulupirira.

Malume anakana poyamba. "Iwe mphwanga, ukalemba zimenezo ndani agule? Munthu wogulitsa ng'ombe sanena kuti imatsimphina." Ndinawayankha kuti ng'ombe ikapita ku msika wa ku Blantyre simuionanso, koma wogula puloti akhala nanu khomo ndi khomo, ndipo mvula yoyamba yamphamvu idzamuuza zonse inu muli pompo. Milandu ya malo imene imafika pa bwalo la mfumu yambiri imayamba ndi mawu akuti "simunandiuze". Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda ndevu, kenako anati, "Lemba, koma ulembenso kuti kutsogolo sikunalowepo madzi." Zinali zoona, ndipo ndinalemba.

Wogula naye asangodalira zolembedwa, poti nthaka imanena yokha kwa wodziwa kuyang'ana. Pa makoma a nyumba zoyandikana, makamaka za njerwa zosapaka pulasitala, pamatsala mzere wa matope pamene madzi anaima, ndipo njerwa za m'munsi mwa mzerewo zimakhala zodyeka. M'nthambi za mitengo ya minga mumakodwa zinyalala, mapesi ndi mapepala a pulasitiki, pa msinkhu umodzi mitengo yonse. Mukaona nyumba za m'deralo zili ndi maziko okwera masitepe atatu kapena anayi, eni ake sanachite zimenezo pofuna kukongoletsa. Mukakumba pang'ono ndi khasu n'kupeza mchenga woyera pamwamba pa dothi lakuda, mchengawo unabwera ndi madzi. Bango likamera pakona ya puloti, ngakhale litauma, pamenepo pamakhala madzi nthawi yaitali. Wogulitsa wanzeru amajambula chithunzi chachiwiri cha khoma la nyumba yoyandikana, ngati lili loyera, chifukwa ndi umboni woposa mawu ake.

Dothi lakuda lija, limene kuno timati makande, liyenera kutchulidwa ndi dzina lake. Dera la Ngabu ladzala nalo. Ndi labwino ku thonje ndi mapira, koma kwa womanga ndi mdani wachete. Likanyowa limafufuma, likauma limanyala n'kung'ambika ming'alu yoti dzanja limalowa. Nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko osaya imayenda nalo dothilo chaka ndi chaka, ndipo ming'alu imayambira m'makona a mawindo n'kutsetsereka chopingasa. Kumanga kumatheka, anthu amamanga, koma maziko ake amafuna kukumba mozama ndi zitsulo zambiri, ndiye wogula ayenera kudziwa asanawerengere matumba a simenti. M'dzinja makande amamatanso m'matayala moti njinga imakana kuyenda. Mawu atatu okha, "dothi ndi makande" kapena "dothi la mchenga", amauza mmisiri zambiri kuposa chithunzi chilichonse.

Nanga aja ndinalemba kuti "madzi alipo"? Mjigo ulipodi, mamita 200 kuchokera pa puloti. Koma m'madera ambiri a chigwa chino madzi a pansi ndi amchere. Pali mijigo imene madzi ake sathetsa ludzu, sopo sachita thovu, tiyi amasintha kukoma, ndipo amayi amaidutsa n'kupita ku mjigo wina wakutali kukatunga akumwa. Wa pafupi ndi malume ndi wotero: wochapira ndi kumwetsa ziweto. Wa madzi okoma uli kusukulu ya pulayimale, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Wolemba mawu a chithunzi anene mjigo uti, patali bwanji, ndipo madzi ake ndi otani. Magetsi nawonso chimodzimodzi: "magetsi ali pafupi" zikhoza kutanthauza mawaya akuluakulu odutsa m'mwamba amene sangakokedwe kulowa m'nyumba popanda thiransifoma. Nenani kuti nyumba yapafupi yokhala ndi magetsi ili mamita angati, kapena kuti pakufunika mapolo angati.

Mtunda uyezedwe ndi chinthu chodziwika. "Pafupi ndi msewu" m'malo mwake pakhale "makilomita 2 kuchokera pa tala, mphindi khumi pa kabaza", ndipo ngati pali khwawa lowoloka limene limadzaza m'dzinja, litchulidwe. Zoyandikana nazo zinenedwe mwachidule, kum'mawa kuli chiyani, kumadzulo kuli chiyani. Ngati pali manda, njira ya ng'ombe zopita kumadzi, kapena bala yoimba mpaka usiku, wogula adzaziona tsiku loyamba lomwe.

Umwini ndi mzere umodzi wokha pa chithunzi, koma uli ndi kulemera kwake. Malo ambiri a m'midzi ya kuno ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo alibe pepala la lizi. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhazikitsa makomiti a malo pansi pa magulupu ndi njira yolembetsera malo a makolo, ndipo anaika malire pa zimene zingagulitsidwe, kotero musanalembe liwu loti "yogulitsa" ndi bwino kufunsa ku ofesi ya malo ya khonsolo ngati malo anuwo akuloledwa kusinthana manja. Pa chithunzi lembani chimene chilipo: lizi, satifiketi ya kulembetsa, kapena kalata ya mfumu yokha. Musalembe kuti "mapepala onse alipo" pamene muli ndi kalata yolemba pamanja ya chidindo cha anyakwawa. Kalatayo ndi yofunika, koma si lizi, ndipo wogula amene akufuna kukatengera ngongole ku banki adzabwerera nayo.

Chinanso, chigwa chino muli Amang'anja ndi Asena, ndipo malo sayenda njira imodzi. Kwa Amang'anja mwambo umatsata kuchikazi, ndiye mwamuna sangagulitse malo a mbumba alongo ake osadziwa. Kwa Asena umatsata kuchimuna, ndipo abale a bambo ali ndi mawu. Kwathu ndi kwa Chimang'anja, choncho malume asanalole kuti ndilengezenso, anakhala pansi ndi mayi anga ndi mayi aang'ono pa mkeka madzulo ena. Mzere woti "abale onse avomereza, adzakhalapo posainirana" umachotsa mantha aakulu amene wogula aliyense wa malo a kumudzi amakhala nawo, oti akamaliza kumanga padzatulukira mdzukulu wochokera ku Joni n'kunena kuti apa ndi pa agogo ake.

Za kafunsidwe ndi zazifupi, koma anthu amazilakwitsa. Ikani nambala imodzi yokha, ndipo nenani kuti woyankha ndani: mwini malo, mwana wake, kapena dobadoba. Chithunzi chikangotuluka, madobadoba amachitenga, kufufuta nambala yanu, kuikapo yawo ndi mtengo wokwera, ndiye ndi bwino kulemba nambala ndi deti pa chithunzi penipenipo, osati pansi pokha. Nenani nthawi yoimbira, poti kumudzi foni imakhala kotchajitsa masana onse. Nenani malo okumanira odziwika, monga pa siteji ya minibasi, ndi masiku oonera malo, makamaka m'mawa dzuwa lisanakwere. Mtengo ulembedwe m'manambala ngakhale ndi wokambirana, chifukwa kuubisa kumangochulukitsa oimba amene sangakwanitse. Ndipo lembani poyera kuti palibe kutumiza ndalama pa foni munthu asanaone malo. Akuba ambiri amagwira anthu ndi mawu akuti "tumizani kangachepe tikusungireni, ena akuifunanso", kotero wogulitsa weniweni amadzisiyanitsa nawo pokana ndalama yoteroyo iye mwini. Dzina la mudzi ndi la T/A ndi zokwanira. Malo enieni a nyumba ya mwini wake asalembedwe, chifukwa aliyense wowerenga akudziwa kuti pakhomopo pabwera ndalama posachedwa.

Mawu amene tinalemba kachiwiri anali awa, kupatula dzina la mudzi, mtengo ndi nambala:

"Puloti yomangapo nyumba, dera la Ngabu, boma la Chikwawa. Yoyeza ndi tepi: kutsogolo mamita 32, kumbuyo 28, m'mbali 30 ndi 30, pafupifupi masikweya mita 900. M'makona muli zikhomo. Makilomita 2 kuchokera pa tala ya M1, msewu wafumbi, m'dzinja pamaterera. Dothi ndi makande. Madzi osefukira: 2015 ndi 2019 sanafike, 2022 ndi 2023 anafika m'kakolo pakona ya kumbuyo, kutsogolo ayi. Mjigo wa mamita 200 ndi wamchere, wa madzi akumwa uli kusukulu, mphindi 15 wapansi. Magetsi ali pa nyumba yachitatu. Malo a makolo, lizi palibe, mfumu ndi abale akudziwa ndipo adzakhalapo. Woyankha foni ndi mphwake wa mwini malo, madzulo kuyambira 5 koloko. Kuona malo Loweruka m'mawa. Osatumiza ndalama musanaone. Chithunzi chajambulidwa mu Okotobala, woima pakona ndi munthu wamkulu kuti muone kukula."

Chiganizo chomalizacho ndinachiwonjezera nditaona kuti kamera ya foni imatambasula malo, puloti yaing'ono n'kuoneka ngati bwalo la mpira. Tinaimika msuweni wanga pakona yakutali atanyamula nsungwi yomangirira nsalu yofiira, ine n'kujambula kuchokera pakona ina.

Ulendo uno oimba anali ochepa, anayi okha m'sabata ziwiri. Wachitatu anali mayi wina, mphunzitsi amene anasamutsidwira kuno. Anabwera Loweruka ndi mlongo wake ndi tepi yawoyawo. Anayeza mbali zonse, anapita pakona ya kumbuyo n'kuima pamenepo kanthawi akuyang'ana kumene nthaka yapendekera, kenako analowera kwa oyandikana nawo kukafunsa za 2022 ife titatsala pansi pa msau. Pobwerera anadzera pa mjigo, anatunga m'dzanja, analawa, n'kulavula.

"Ndi amcheredi," anatero akupukuta kukamwa ndi chitenje. "Bambo, nyumba ndidzaiika cha kutsogolo kuno. Kumbuyoko ndidzadzala nthochi. Tipite kwa amfumu liti?"